Muyeso wa Bwalo la Ntchemberembaye: Nkhani Yokambidwa kwa Aphunzitsi ndi Makolo pa Mtengowanthenga

Mafumu eni nthaka, aphunzitsi aakulu, aphunzitsi a zamasewera, a komiti ya sukulu, ndi inu amayi ndi abambo amene mwatsika m'mapiri a Dowa ndi a Ntchisi kudzasonkhana pano pa Mtengowanthenga,  ndaimirira pamaso panu kudzakamba nkhani imodzi yokha, ndiyo ya muyeso wa bwalo la ntchemberembaye, kutalika kwa milongoti yake, ndi njira yolembera mizere pa dothi la sukulu. Ndipo ndipempha kuti amene ali ndi cholembera alembe manambala owerengeka amene nditchule, pakuti mawa lino, pamene mudzaima pabwalo ndi tepi m'manja, kukumbukira kokha sikudzakukwanirani.

Chimene ndifuna kuti chikhazikike m'mitima mwanu ndi ichi: bwalo loyesedwa ndi mapazi kapena ndi maso limanyenga mwana amene amaphunzirapo. Mtsikana amene wakhala zaka zingapo akuponya mpira pa golo lalifupi, dzanja lake litazolowera mphamvu yakutiyakuti, akapita ku mpikisano wa sukulu za m'boma ndi kupeza golo la muyeso woona, mipira yake yonse idzagunda pansi pa ring'i, ndipo anthu adzati wachita mantha, chonsecho mlandu uli ndi ife akuluakulu amene tinazika mlongoti osayesa. Pamene Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney m'chaka cha 2015, golo limene ankaponyapo linali la msinkhu umodzimodzi ndi umene malamulo amafuna pa bwalo la dothi la kuno kwathu. Pakuti bungwe la World Netball, limene bungwe lathu la Netball Association of Malawi limatsata malamulo ake, silinaike muyeso wina wa olemera ndi wina wa osauka.

Tiyambe ndi bwalo lenilenilo. M'litali mwake ndi mamita 30.5, ndipo m'lifupi mwake ndi mamita 15.25. Wina angadabwe kuti manambala oterewa, okhala ndi timichira, anachokera kuti. Yankho lake ndi lakuti masewerawa anakhwimira ku Mangalande pa nthawi imene anthu ankayesa ndi mafiti, ndipo bwalo linali mafiti 100 m'litali ndi mafiti 50 m'lifupi, golo linali mafiti 10, kotero kuti iwo amene ali ndi tepi ya mafiti angayese ndi manambala ozungulira amenewa osalakwa kanthu. Bwaloli limagawidwa patatu mofanana ndi mizere iwiri yopingasa, chigawo chilichonse kukhala mamita 10.17. Kumapeto onse awiri kuli theka la mkombero, mmene omwetsa zigoli amaima poponya, ndipo mkomberowo uli pa mtunda wa mamita 4.9 kuchokera pakati pa mzere wa golo. Pakatikati pa bwalo pali kamkombero kakang'ono ka senta, kotambasuka masentimita 90. Mzere uliwonse ndi wonenepa masentimita 5, ndipo miyeso ya bwalo imawerengedwa kufika kunja kwa mzere, chifukwa mzerewo uli gawo la bwalo, ndipo wosewera amene waponda pa mzere wa m'mbali akadali mkati.

Koma musanakhome chikhomo ngakhale chimodzi, yang'anani malo, pakuti bwalo silithera pa mzere wake. Malamulo amafuna kuti kuzungulira bwalo lonse kutsale malo oyera a mamita 3.05, mmene oyimbira masewero amathamanga, ndi mmene wosewera wothamangira mpira angaimire asanagunde kanthu. Mukaphatikiza malo amenewa mbali zonse, mudzapeza kuti pafunika malo a mamita 36.6 m'litali ndi mamita 21.35 m'lifupi, opanda chitsa, opanda chulu, opanda ngalande, ndiponso osayandikira khoma la kalasi kapena dzenje la zinyalala. Sukulu zambiri zimaiwala ichi, nkupanikiza bwalo pakati pa nyumba ziwiri, ndipo ngozi zochuluka sizichitikira mkati mwa bwalo koma kunja kwake, pamene mwana waphonya kuima.

Chachiwiri choyang'ana ndi dzuwa. Womwetsa zigoli amaponya atadzutsa nkhope kumwamba, ndipo golo likakhala kuzambwe, masewero a chakumadzulo, amene ndiwo nthawi ya ana akaweruka, adzakhala chilango kwa timu imene ikuloza kumeneko. Chifukwa chake litali la bwalo liloze kumpoto ndi kumwera, golo lina kukhala cha mbali ya ku Mponela, lina cha mbali ya ku Lumbadzi, kuti dzuwa lotuluka ndi lolowa lizidutsa m'mbali. Chachitatu ndi kutsetsereka kwa nthaka, kumene kuno kwathu sikusowa. Bwalo la panja siliyenera kukhala lathyathyathya kotheratu, pakuti madzi a mvula angadzakhale chithaphwi pakati pake. Liyenera kupendekeka pang'ono chabe, sentimita imodzi pa mita iliyonse, ndiko kunena kuti mbali ina yaitali ikhale yotsika ndi masentimita 15 kuyerekeza ndi inzake. Amisiri omanga nyumba ali ndi paipi yoonekera mkati imene amathiramo madzi poyesa ngati malo ali olingana. Mubwereke paipi imeneyo pamodzi ndi mwini wake. Mukagumula kumtunda ndi kukwirira kumunsi, dothi lokwiriralo mulitsire madzi ndi kulisindira bwino, mubzale udzu wa vetiva m'mphepete mwake, ndipo kumtunda mukumbe ngalande yopatutsa madzi, koma ikhale kunja kwa mamita 3.05 aja. Ntchito imeneyi imapepuka mvula ikangotha, mu Epulo kapena mu Meyi, dothi lisanaume gwa.

Tsopano tifike pa kuyesa, ndipo pano ndipempha kuti tiyende pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Zida zake ndi tepi, chingwe chaching'ono cha amisiri, zikhomo zosongoka, misomali, nyundo ndi anthu atatu. Muchenjere ndi tepi imene imapezeka kawirikawiri, ya mamita 30, pakuti imaperewera ndi theka la mita pa litali la bwalo, ndipo mabwalo ambiri afupika chifukwa woyesa anafika pothera tepi nati zakwana. Ngati tepi yanu ndi yotere, yesani mamita 15.25 kawiri motsata chingwe chokokedwa bwino. Musayesere chingwe chomanga mfundo, chifukwa cha nayiloni chimatamuka mukachikoka, ndipo cha khonje chimasintha chikanyowa ndi mame. Chingwe ntchito yake ndi kuwongola mzere, tepi ndiyo yowerenga mtunda.

Yambani ndi mzere umodzi wautali, umene mizere ina yonse idzabadwa kuchokera pa iwo. Khomani chikhomo choyamba pa ngodya, ndi kukhomerera msomali pamutu pake, kuti muyeso uziyambira pa msomaliwo osati paliponse pa chikhomo; kokani chingwe, yesani mamita 30.5, nimukhome chikhomo chachiwiri. Kenaka pafunika kutulutsa ngodya yowongoka, ndipo nzeru yake ndi yomweyo imene mmisiri amagwiritsa ntchito poyala maziko a nyumba. Kuchokera pa chikhomo choyamba, yesani mamita 8 motsata mzere wautali uja, muikepo msomali. Mangani chingwe china pa chikhomo choyamba chomwecho, chiloze kumene mzere wa golo udzadutse, ndipo pa chingwecho muike chizindikiro pa mamita 6. Tsono munthu mmodzi asunthe chingwechi uku ndi uku, kufikira mtunda wochokera pa chizindikiro cha mamita 6 kukafika pa msomali wa mamita 8 utakwana mamita 10 ndendende. Pamenepo ngodya yawongoka, ndipo motsata chingwecho muyese mamita 15.25 ndi kukhoma chikhomo chachitatu. Muchite chimodzimodzi kumapeto enawo kuti mupeze chikhomo chachinayi, ndipo pakati pa chachitatu ndi chachinayi payenera kupezeka mamita 30.5.

Pano ndi pamene ambiri amasiyira, nakondwa kuti mbali zonse zinayi zakwana. Koma ndikuuzani kuti bwalo lingathe kukhala ndi mbali zinayi zokwanira bwino lomwe, ndipo nkukhalabe lopotoka. Mboni yokhayo imene sinama ndi muyeso wodutsa pakati, kuchokera pa ngodya ina kukafika pa ngodya yopenyana nayo chamtanda. Mtunda umenewu uyenera kukhala mamita 34.10, ndipo uyesedwe kawiri, uku ndi uku, pakuti mlandu sutsimikizika ndi mboni imodzi. Tiyerekeze kuti mwayesa, nimupeza kuti kwina kwakwana mamita 34.54 pamene kwinako ndi mamita 33.65. Kusiyana kwake ndi pafupifupi masentimita 90, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti chikhomo chachitatu ndi chachinayi zonse ziwiri zatsetserekera mbali imodzi ndi theka la mita, kulowera ku ngodya imene muyeso wautaliwo ukuthera. Musakhudze zikhomo ziwiri zoyamba zija. Zulani ziwiri zinazo, muzibweze pamodzi masentimita 50 kulowera mbali inayo, muyesenso, ndipo mubwereze kufikira miyeso iwiriyo itasiyana ndi masentimita awiri kapena atatu okha. Amene tepi yawo siifika mamita 34 asataye mtima: bwaloli ndi magawo awiri olingana mbali zonse, mamita 15.25 uku ndi uku, kotero kuti mukakhoma zikhomo pakati pa mizere yaitali, muyeso wa chamtanda wa gawo lililonse udzakhala mamita 21.57.

Ngodya zinayi zikakhazikika, zotsalazo nzopepuka. Kuchokera ku mzere wa golo uliwonse, yesani mamita 10.17 pa mizere yonse iwiri yaitali, ndi kulumikiza ndi chingwe. Mukatero chigawo cha pakati chidzadzitsalira chokha, ndipo mukachiyesa chiyenera kufanana ndi zinzake. Pakati pa bwalo simusowa kupafunafuna, pakuti mukakoka zingwe ziwiri chamtanda kuchokera m'ngodya, pamene zakumana ndi pomwepo. Khomanipo msomali, mutenge masentimita 45 pa tepi, muzungulire. Kamkombero aka kali ndi phindu lina kwa mphunzitsi, chifukwa kutambasuka kwake, masentimita 90, ndi mtunda womwewo umene wotchinga ayenera kusiya pakati pa iye ndi amene wagwira mpira; mwana akaona mtundawo pansi ndi maso ake, sadzakangananso ndi woyimbira.

Mkombero wa golo ndiwo ufuna chenjezo lapadera, ndipo chenjezo lake nlakuti ulembedwe mlongoti usanazikidwe. Pakati pake ndi pakati penipeni pa mzere wa golo, mamita 7.625 kuchokera ku ngodya iliyonse, chakunja kwa mzerewo, ndipo pamenepo ndi pomwe mlongoti udzaime. Mukayamba mwazika mlongoti, mudzakakamizika kumanga chingwe pa mlongotiwo, ndipo chingwecho chizidzakulungika pamene mukuzungulira, mkombero nkutuluka wotupa mbali ina ndi wophwa mbali ina. Khomani msomali pamalopo, kolekanipo mutu wa tepi, gwirani msomali wina pa mamita 4.9, ndipo muyende chozungulira tepi ili yokokeka, mukukanda pansi. Podziyesa ngati mwalondola, onani kuti kuchokera pa ngodya kufika pamene mkombero wakhudza mzere wa golo pakhale pafupifupi mamita 2.73 mbali zonse ziwiri, ndipo kuchokera pamphumi pa mkombero kufika pa mzere wopingasa pakhale mamita 5.27.

Za milongoti ndinene motere. Kuchokera pa nthaka kufika pamwamba pa ring'i ndi mamita 3.05, ndipo ring'iyo imalingana ndi nsonga ya mlongoti. Mlongotiwo ukhale wonenepa masentimita 6.5 kufikira 10, ndipo uime pakati pa mzere wa golo, msana wake utalingana ndi kunja kwa mzere. Popeza gawo lina lidzalowa pansi, dulani paipi yachitsulo kapena mtengo wowongoka wa mamita 3.65, kuti masentimita 60 akwiririke. Ndipo usanadzutsidwe, uli chigonere pansi, yesani mamita 3.05 kuchokera ku nsonga ndi kulembapo chizindikiro ndi penti, pakuti nkwapafupi kuyesa mtengo uli pansi kusiyana ndi kukwera makwerero ndi tepi. Pozika, chizindikirocho chilingane ndi nthaka. Mangani mwala ku chingwe, muulendewetse pafupi ndi mlongoti, muyang'ane kutsogolo ndi kumbali, ndipo ukaima chilili ndi pamene muthire simenti kapena kusindira miyala. Ngati ndi bulugamu, kumbukirani kuti chiswe sichigona. Tsinde lake lipakidwe mankhwala oteteza mitengo, ndipo muziligwedeza nthawi ndi nthawi, kuopa kuti lingadzagwere ana. Chizindikiro cha penti chija chidzakutumikiraninso m'tsogolo, chifukwa pansi pa golo ndi pamene mapazi amapondaponda koposa, ndipo mvula ikakokolola dothi, golo limatalika lokha popanda wolikweza. Mukaona chizindikiro chili m'mwamba, kwirirani kufikira chitalingananso ndi nthaka.

Ring'i ikhale yotambasuka masentimita 38 mkati mwake, yopangidwa ndi chitsulo chobulungira chonenepa mamilimita 15, ndipo italikirane ndi mlongoti masentimita 15, yolumikizidwa ndi kachitsulo kopingasa. Mukapita kwa owotcherera zitsulo pa Mponela kapena pa Lumbadzi, muwauze kuti adule chitsulo cha masentimita 124 ndi kuchipinda, ndipo musanalipire muyese mkati mwake mbali ziwiri, kuti isakhale yozungulira ngati dzira. Mpira wa akuluakulu ndi wotambasuka pafupifupi masentimita 22, kotero kuti ukalowa pakati penipeni pamatsala masentimita 8 okha mbali iyi ndi iyo, ndipo luso lonse la womwetsa zigoli lili m'kampata kameneka. Nchifukwa chake limu ya njinga, imene sukulu zina zimakhomera pa mtengo posowa ring'i, imawononga dzanja la mwana, pakuti kukamwa kwake nkwa masentimita pafupifupi 60, ndipo imalandira ngakhale mpira woponyedwa mosasamala. Onetsetsaninso kuti ring'i siinawerame kutsogolo, monga imachitira ana akamalendewerapo, chifukwa ring'i yowerama imatsitsa golo ndi kulifewetsa. Ukonde ukapezeka, ukhale wotsekuka pansi. Umathandiza woyimbira kuona ngati mpira walowadi. Kwa ana aang'ono, amene mikono yawo sinakhwime, mayiko ena amatsitsa golo, monga ku Australia kumene ana oyamba kumene amaponya pa mamita 2.4; nanunso mungaimike golo lotere pambali lophunzitsira, koma magolo a pabwalo la mpikisano asachoke pa mamita 3.05.

Chatsala ndi kulemba mizere, ndipo pano ndiyenera kutsutsa mwambo umene tonse tinaupeza, wokumba mizere ndi khasu. Kangalande ka khasu kamakhala kotambasuka masentimita 15 kapena kuposerapo, katatu kuposa mzere wa lamulo. Mvula ikabwera kamasanduka njira ya madzi, kamazama ndi kukula chaka ndi chaka, ndipo ana amabinya akakolo mmenemo potera. Kuwonjezera apo, mzere wonenepa umabala mikangano, pakuti womwetsa zigoli amene waponda pa mzere wa mkombero amawerengedwa kuti ali mkati, ndipo mzere ukakhala wonenepa ngati phazi lonse, woyimbira sadziwa pamene mkombero wathera. Njira yabwino ndi kukoka chingwe pa muyeso, ndi kuika matabwa awiri owongoka motalikirana masentimita 5, lina litatsamira chingwe, mpata wake uli chamkati mwa bwalo, ndi kuthira laimu wosungunula m'madzi pakati pawo, pa dothi losesa ndi lowazidwa madzi pang'ono kuti laimuyo agwire. Akhale laimu wopaka nyumba, osati wosazima, amene amaotcha khungu ndi maso. Phulusa losefa limathandiza pa tsiku limodzi la masewero, koma mphepo ya mwera ya mu Juni ndi Julaye imaliulutsa msanga. Oyilo wakutha wa galimoto musamuthire konse, pakuti amaterera, amada, ndipo amaipitsa nthaka. Pokonzekera laimu, dziwani kuti mizere yonse pamodzi, ndi mikombero yomwe, imakwana pafupifupi mamita 156.

Ndipo popeza laimu amafufutika, koma kuyesa kumatopetsa, chitani ichi kuti ntchito ya lero isabwerezedwe chaka chilichonse: pa ngodya zinayi, pothera mizere iwiri yopingasa, ndi pakati pa bwalo, kwirirani njerwa yootcha, nkhope yake ilingane ndi nthaka osatumphuka ngakhale pang'ono, kuti isapunthwitse munthu. Malo amenewa ndi 9 okha. Chaka chamawa, mvula ikadzafafaniza zonse, mphunzitsi mmodzi ndi ana awiri adzangosesa, kupeza njerwazo, kukoka chingwe ndi kuthira laimu, ndipo bwalo lidzabwerera pamalo pake penipeni. Manambala onse alembedwe m'buku la sukulu, kuti mphunzitsi wa zamasewera akadzasamutsidwa, nzeruyo isadzasamuke naye.

Mafumu ndi makolo, mutu umodzi susenza denga: mfumu ionetse malo okwana mamita 36.6 ndi 21.35, a komiti apeze tepi, laimu ndi paipi ziwiri, amisiri a m'mudzi abwere ndi chingwe chawo, ndipo aphunzitsi aitane ana a Sitandade 7 ndi 8 kuti adzagwire tepi, pakuti masamu a ngodya amene amawavuta pa bolodi adzawaona ndi maso pabwalo. Ndipo inu aphunzitsi amene muli kale ndi mabwalo, ndikupemphani kuti mukabwerera kwanu, sabata ino isanathe, mukayese zinthu zitatu: muyeso wa chamtanda ngati uli mamita 34.10 uku ndi uku, msinkhu wa ring'i ngati uli mamita 3.05 magolo onse awiri, ndi kukamwa kwa ring'i ngati kuli masentimita 38. Chimene mukachipeze cholakwika, mukachikonze ana asanayambe kukonzekera mpikisano.